Beseni Lobiriwira

Linali beseni lapulasitiki, lobiriwira, long'ambika kuyambira pamlomo mpaka pakati, ndipo mng'alu wakewo ndinausoka ndekha ndi waya woyanikapo zovala. N'chifukwa chake sindikanalikana. Beseni lina lililonse ndikananena kuti mabeseni obiriwira ndi ambiri ku Senga Bay kuno, amagulitsidwa pamsika uliwonse kuyambira kwa Kamuzu Road mpaka kugombe. Koma msoko uja unali wa dzanja langa, wokhotera kumanzere monga ndimasokera chilichonse. Linali litatsamira pa msampha wathu wa zinyalala m'mawa wa tsiku lotsatira mvula yoyamba yamphamvu, pakati pa mabotolo, mapatapata osafanana ndi mapesi a chimanga, likugwedera pang'onopang'ono ngati likundipatsa moni. Ndinali nditanyamula kope ndi cholembera, poti ndine ndinali mlembi wa gulu lathu, wowerenga ndi kulemba zimene anthu osasamala amataya. Mnyamata wina analikoka ndi ngowe n'kufuula, "Amayi, ili tilembe kuti chiyani, beseni kapena chigamba?" Anzake anaseka. Nanenso ndinaseka, ndipo ndinalemba kuti beseni limodzi.

Ndinalitaya mwezi wa Seputembala, m'khwawa lakuseri kwa nyumba zathu, khwawalo lili gwaa, mchenga wokhawokha ndi mbuzi. Sindinaganize kalikonse potaya. Izi n'zimene zimandisautsa mpaka lero, kuposa manyazi. Ndikanakhala kuti ndinayang'ana uku ndi uku kaye, ndikanadziwa kuti mumtima munali kamawu. Munalibe. Khwawa kwa ife ndi dzala limene limadzisesa lokha: umataya m'chilimwe, mvula ikagwa upeza mwayera, ndipo umathokoza. Amayi anga ankatero kumudzi, agogo anganso, ndipo iwo sankalakwa kwenikweni, chifukwa zimene ankataya zinali lichero lothyoka, phale, chikho chosweka, makoko a nthochi. Zonsezo nthaka imazidziwa. Chizolowezi tinachisunga bwino lomwe, koma katundu wa m'nyumba anasintha ife osazindikira. Ndipo chodabwitsa n'chakuti sabata yomweyo imene ndinataya beseni, ndinali kuyenda khomo ndi khomo kumema anthu kuti tikasese kugombe. Kugombe kunali ntchito ya gulu. Khwawa linali kuseri kwa nyumba.

Kusesa gombe tinali titakuyesa kale kangapo. Pamene boma linakhazikitsa mu Novembala 2020 tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ifenso tinatuluka ndi matsache ndi mareki. Tinaphunzira msanga kuti kalendala ya ku Lilongwe si kalendala ya nyanja. Lachisanu masana theka la anthu athu lili kumzikiti. M'mawa uliwonse alovi akukocheza, amayi akulimbirana usipa, ena akuyanika pa matandala, ndipo munthu amene wachezera usiku wonse panyanja sungamuuze kuti gwira reki. Amene anatitsegula maso anali mkulu wina, msodzi wakale amene tonse timangomuitana kuti agogo. Anati, "Mwana wanga, umafunsa kalendala, bwanji osafunsa mwezi? Mwezi ukakhwima usipa subwera ku nyali. Anyamata onsewa amangokhala pansi pa mtengo n'kumasoka makhoka. Aitane pamenepo." Kuyambira apo tinkasesa masiku a mwezi wowala, titadutsa kaye kwa amfumu ndi kwa akomiti ya asodzi a pagombe, chifukwa uthenga wochokera kwa iwo umamveka mwamtundu wina kusiyana ndi wochokera kwa mayi wa kope. Anthu ankabweradi. Za malaya olembedwa zija, ndi funso loti kodi pali kangachepe, sindizitalikitsa. Aliyense amene anamemapo anthu m'dziko muno akuzidziwa. Tinangogwirizana kuti sitidzalonjeza chimene tilibe, ndipo amene anatsala titanena zimenezo ndi amene tinagwira nawo ntchito.

Koma gombe silikhalitsa loyera. Mwera ukayamba kuwomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amalavula mzere watsopano wa zinyalala usiku umodzi wokha, ndipo ukaima m'mawa kuyang'ana ku chilumba cha Namalenje, mapazi ako ali pa timapepala ta mafirizesi ndi zitsekerero za mabotolo pamalo pomwe unasesa dzulo. Anthu amakonda kuloza kummwera. Amati zonsezi n'za a m'tauni: mtsinje wa Lingadzi umathira mu Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja moyang'anana ndi zilumba za Maleri, ndiye mwera umatibweretsera. Njira ya madziyo ndi yoona, ndipo nanenso ndinkaikonda nkhaniyo, chifukwa inali ndi wolakwa wokhala kutali, wa galimoto ndi mashopu. Ndinkainena m'misonkhano ndi mawu okwera. Koma Linthipe si mtsinje woti anthu a matsache angautchere kanthu. Nthawi ya dzinja umanyamula mitengo yathunthu. Chimene tikanatha kuchigwira chinali khwawa lathu lomwe, la mamita 6 m'lifupi pamalo pamene tinasankha. Tinati tiyambe ndi laling'ono pophunzira. Sitinadziwe kuti laling'onolo ndi limene lidzatiulule.

Nzeru ya msampha tinaitenga kwa m'bale wina amene anagwirapo ntchito ku Liwonde. Iye anatifotokozera za chotchinga choyandama chimene chili kumtunda kwa baraji ya Kamuzu pa Shire, chimene chimagwira namasupuni ndi udzu woyandama kuti zisakatseke makina amagetsi ku Nkula, ndipo makina ena amazivuula n'kuzikweza kumtunda. Ife tinamva gawo loyamba lokha, loti chinthu choyandama chimagwira zinthu zoyandama. Gawo la makina ovuula lija linangotidutsa m'makutu.

Woyamba tinaupanga ndi zigubu zachikasu za malita 20, zija za mafuta ophikira, zisanu ndi zitatu, titazimanga pa chingwe cha nayiloni, m'munsi mwake titapachika ukonde wakale ndi miyala. Tinauwongola bwinobwino kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo, molunjika ngati chingwe choyanikira, n'kuumanga kolimba pa zikhomo ziwiri za bulugama. Unkaoneka bwino kwambiri khwawa lili louma. Tinajambulitsa. Patapita masiku anayi zigubu zitatu zinali zitasowa, ndipo sindingathe kumuda amene anazitenga, chifukwa chigubu chabwino ndi chuma kwa mayi wotunga madzi ndiponso kwa msodzi wofuna choyandamitsa ukonde. Zisanu zotsalazo zinakumana ndi chizimalupsa. Madzi sanali ambiri, koma anabwera ndi mapesi, bango ndi nthambi, zonsezo zinaunjikana pakati penipeni pomwe madzi amathamanga kwambiri, ukonde unatsekeka n'kusanduka khoma, chingwe chinapindika ngati uta, ndipo chikhomo cha tsidya lija chinazuka ndi dothi lake lomwe. Zinyalala zonse zimene tikanazitola m'khwawa mwapang'onopang'ono zinalowa m'nyanja tsiku limodzi, pamodzi ndi ukonde wathu, umene unakhala chinyalala choipa kuposa zonse.

Agogo aja anabwera kudzaona, ataponya manja kumbuyo. Sanatiseke. Anatola kamtengo, n'kuuza mnyamata kuti aponde mapazi khumi aakulu m'mbali mwa khwawa, n'kukaponya m'madzi otsalawo, ife tikuwerenga. "Madzi othamanga sulimbana nawo chamaso," anatero. "Ngakhale bwato ukawoloka mtsinje umapita chopingasa." Zimene ananena m'chiganizo chimodzicho zinatitengera milungu kuti tizisandutse chingwe ndi zikhomo. Madzi akamathamanga n'kugunda chotchinga chamaso, botolo silikhala pomwe laimitsidwa. Limamira pang'ono, n'kudutsa pansi, n'kukatumphukira kuseri. Ukaona mabotolo akutulukira kumunsi kwa msampha chingwe chisanaduke, dziwa kuti vuto si kulimba kwa chingwe koma kaimidwe kake. Ukaupendeketsa, madzi saugundanso ndi mphamvu yawo yonse, ndipo zinyalala m'malo moima zimatsetsereka motsatira chingwe mpaka kugombe kumene madzi ndi ofatsa. Msampha wachiwiri tinaupanga wa mamita 12 pa khwawa la mamita 6, kutalika kuwirikiza kawiri m'lifupi mwake. Ukatero, liwiro limene limagunda chotchinga chamaso limatsika ndi theka. Kamtengo kathu tsiku la madzi apakatikati kankadutsa mamita 10 m'masekondi 20. Kwa msampha wopendekekawo zinali ngati kakudutsa m'masekondi 40. Nsonga yakumtunda tinaimanga kunja kwa gulaye, kumene madzi amakumba, ndipo yakumunsi tinaibweretsa mkati mwa gulaye, pamchenga wosaya, pomwe munthu angaime pouma ndi ngowe osalowa m'madzi. Izi za kuima pouma si ulesi. Madzi odekha a m'bango ndiwo nyumba ya nkhono za likodzo, ndipo kufupi ndi mathiriro a mitsinje kuno munthu wanzeru saiwala ng'ona.

M'malo mwa zigubu tinagwiritsa mabotolo omwe tinatola kugombe, okhala ndi zitsekerero zawo, titawathithikiza m'ukonde wokulungidwa ngati soseji yaitali, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Palibe amene amaba botolo lotola. Limodzi likaboola, enawo amanyamula. Siketi ya ukonde wolendewera m'munsi mwake tinaifupikitsa, mkono umodzi wosakwana, kuti madzi ndi nsomba zizidutsa pansi momasuka. Izi zinatithandizanso kwa anthu amene anali atayamba kunong'ona kuti gulu la amayi a kope latchera nsomba m'dzina la ukhondo. Nsonga zake sitinazimangenso gwa pa chikhomo, koma pa mphete za matayala akale zovekedwa ku milongoti, kuti madzi akakwera msampha ukwere nawo. Ndipo mbali yakumtunda tinaika dala kachingwe kofooka. Ganizo ili ndi limene linandivuta kulivomereza. Kodi tivutikire chinthu kenako tichikonzere poduka? Koma madzi aakulu akabwera, china chake chiyenera kugonja, ndipo ndi bwino chigonje chimene wasankha wekha: kachingwe kaduke, msampha utsegule ngati chitseko n'kugona m'mbali mwa gombe uli womangika kumunsi, m'malo mopita wonse kunyanja. Tanthauzo lake n'lakuti tsiku limene khwawa lanyamula zinyalala zambiri koposa, msampha wathu sugwira kanthu. Palibe amene amanena zimenezi pa tsiku lojambulitsa.

Ndi msampha wachiwiriwu umene unandibwezera beseni. Ndipo m'masabata otsatira unabweza zinthu za anthu ena, chifukwa m'mudzi chinthu chilichonse chili ndi nkhope. Patapata lofiira la mwana wa uje. Botolo la mafuta odzola amene amagulitsa mayi mmodzi yekha kumsika kwathu. Chidutswa cha neti ya udzudzu imene inakhalapo mpanda wa nkhuku pakhomo lina lodziwika. Palibe chimene chinachokera ku Lingadzi. Anyamata anayamba kutchula maina mokuwa, mwanthabwala, ndipo ndinawaletsa, ndikunena kuti tikatero anthu adzadana ndi msampha n'kuudula usiku. Chifukwa chimenecho chinali choona. Koma sichinali chokhacho, ndipo ndikuganiza kuti mmodzi mwa iwo, amene amabwera kunyumba kwanga kudzatunga madzi, ankadziwa.

Kope lija linandiphunzitsanso kukayikira kope. Zimene tinkavuula, zambiri mwa kulemera kwake sizinali pulasitiki konse, koma bango, mapesi, masamba ndi matope, zimene zikanakhoza kupita kunyanja popanda vuto lalikulu; koma sungazisiye, chifukwa ndi zimene zimatseka msampha, ndiye umatha maola ukusankhula timapepala m'mulu wonyowa. Ndipo zimene ndinkaziona ndi maso m'khwawa louma sizinkafanana ndi zimene ndinkalemba. Matewera otaya aja, amene ali paliponse kuseri kwa nyumba, akamwa madzi amalemera n'kumakwawa pansi. Botolo la zakumwa lopanda chitsekerero likadzaza madzi limamira, chitsekerero chake chokha ndicho chimayandama. Majumbo opyapyala amayenda pakati pa madzi, osati pamwamba, ndipo ambiri amadutsa pansi pa siketi yathu yaifupi ija, imene tinaifupikitsa pa zifukwa zabwino. Ndiwo omwewo amene lamulo la 2015 linaletsa, osakwana mamaikiloni 60, amene Khoti Lalikulu la Apilo linagamula mu 2019 kuti chiletso chake chikhalebe, koma amene ndinkapatsidwabe pogula tomato, ndipo ndinkalandira. Choncho msampha umagwira zimene zimalola kugwidwa. Ndikanatenga kope langa n'kupita nalo kumsonkhano, likananena kuti vuto lathu ndi mabotolo otseka ndi mapatapata. Asodzi a chilimira, amene amatola majumbo m'khoka pakati pa usipa, akanandiuza zina.

Kenako panabwera funso limene m'bale wa ku Liwonde uja analiyankha ife tisanalifunse. Wavuula, nanga upita nazo kuti? Ofesi ina inatilonjeza galimoto, inabwera kamodzi. Matumba anaunjikana pansi pa mtengo, dzuwa linawafumbutsa, agalu ndi mbuzi zinawang'amba, ndipo mphepo inayamba kubweza zinthu m'khwawa momwe tinazichotsa. Ena anati tiwotche. Tinawotcha kamodzi, madzulo, utsi wakuda unagona pa matandala a usipa, ndipo mayi wina anabwera atagwira m'chiuno: "Mayi, inu mukuyeretsa nyanja, ife tidye utsi? Usipa wanga akagula ndani ukununkha jumbo?" Ndinalibe choyankha. Pambuyo pake tinachita zimene tikanayambira: bango ndi mapesi kwa alimi a madimba kuti apange manyowa, mabotolo abwino kwa ogulitsa thobwa ndi okonza msampha, mapulasitiki olimba kwa anyamata amene nthawi zina amadutsa kugula zakutha, ndipo zotsala zonse m'dzenje limene amfumu anatipatsa malo ake kumtunda, kutali ndi khwawa ndi zitsime, tikumazitengera pa ngolo. Dzenje si yankho lokongola. Ndi kungosuntha chinthu kuchoka pomwe chimayenda kupita pomwe chingakhale phee. Ndimadzifunsa ngati mdzukulu wanga sadzalima pamenepo tsiku lina n'kutukwana amene anakwirira.

Chimene sindinachiyembekezere konse ndi mawu amene ndinawamva mu Febuluwale, ndikudutsa kuseri kwa mpanda wina. Mtsikana anafunsa kuti zinyalala akataye kuti, ndipo mayi ake anayankha kuti, "Kataye kukhwawa, ajawa anatchera kumunsi." Ndinaima. Ndinafuna kulowa, koma ndikanalowa ndi nkhope yanji? Mayiyo sananene chachilendo. Ananena zomwe ine ndinkachita, kungoti iye anali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho tinamupatsa ndife. Kale mvula inkatenga. Tsopano gulu limatola. Usiku umenewo ndinaganiza zoti tingouchotsa. Ndinaganizanso kuti ayi, mabotolo amene tavuula ndi enieni, akanakhala m'nyanja, ndipo maganizo a mayi mmodzi sawabweza m'madzi. Kenako ndinaganiza kuti mwina ntchito yeniyeni inali ya mu Okutobala, kuyenda m'khwawa louma ndi matumba mvula isanagwe, pomwe tewera, jumbo ndi botolo losatseka zonse zili pamtunda, zosathawa, ndipo sipafunika chingwe kapena mlongoti. Tsiku limodzi lotero limachotsa zimene msampha sungazione n'komwe. Koma silioneka pachithunzi, ndipo limachitikira kuseri kwa nyumba za anthu, pomwe wotola ndi wotaya amayang'anana m'maso. Mwina n'chifukwa chake tonsefe tinkakonda gombe.

Chaka cha 2024 nyanja inakwera kuposa mmene ambiri a ife tinaionera, inalowa m'mabwalo a malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete, ndipo inabwerera m'khwawa lathu mpaka pa milongoti. Madzi anasiya kuyenda. Msampha wopendekeka umadalira madzi oyenda kuti akankhire zinyalala kukona. M'madzi oima unangoyandama ngati njoka yakufa, zinyalala zikuzungulira mbali zonse ziwiri mmene mphepo yafunira, namasupuni akumera pakati pake. Mwera utayamba, mafunde analowa n'kumaumenyetsa pa milongoti usiku wonse mpaka ukonde unang'ambika ndipo mabotolo athu anabalalika. Tinawatolanso kugombe, ena mwa iwo kachiwiri, ndikuwazindikira ndi penti imene tinawapaka. Wachitatu tinaukweza kumtunda ndithu, pomwe nyanja singafike, ndipo tinagwirizana kuti mvula ikatha tiziuchotsa n'kuusunga m'nyumba, chifukwa dzuwa la Salima limadya nayiloni kuposa madzi. Tinagawananso masiku: mvula ikagwa usiku, mabanja awiri amene ndi sabata yawo amapita m'mawa. Sabata zina amapita. Pena ndimapeza ndili ndekha ndi agogo aja, iwo atakhala pa tsinde akundiuza pomwe ndaphonya.

Beseni lija sindinaliike m'thumba. Anyamata atatembenuka ndinalitsamiritsa kuseri kwa tsinde, ndipo madzulo ndinapita kukalitenga, nditalikulunga m'chitenje ngati ndaba. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuchita nalo. Madzi silisunga. Linakhala pakhonde mwezi wathunthu, kenako ndinathiramo dothi n'kudzalamo tsabola, ndipo mng'alu uja unakhala potulukira madzi. Pulasitiki yake yayamba kutuwa ndi kuuma. Sabata yatha nditalisuntha, kachidutswa ka pamlomo kanatsalira m'manja mwanga, kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinakayang'ana kanthawi, ndikuyang'ananso kumpanda wakuseri, kumene khwawa lili. Ndinakaika m'thumba la diresi, ndipo ndinakapezanso Loweruka pochapa.